Kutumiza chithunzi cha kachipangizo kowonongeka ka firiji kwa wogulitsa masipeya: mmene mungafunsire dzina lake mpaka kulandira choyenera

Firiji yasiya kuzizira. Mwaikoka pakhoma, mwasuzumira kumbuyo, ndipo mwapeza kanthu kakuda kapulasitiki kakununkha kupsa. Dzina lake simukulidziwa. Mwakaika pachikhatho, mwakajambula, n'kutumiza kwa wogulitsa masipeya ndi mawu atatu: "Aka muli nako?" Uthenga wawerengedwa, koma yankho zii. Akayankha amangoti, "Bwerani nako," chonsecho inu muli ku Mwanza, iye ali ku Limbe.

Ine ndimakonza mafiriji, ndipo mauthenga oterewa ndimatumiza pafupifupi mlungu uliwonse. Wogulitsayo sakhala chete chifukwa cha mwano ayi. M'dirowa mwake muli tinthu takuda tamitundumitundu tofanana ndi kanu ngati mapasa, ndipo chithunzi cha pachikhatho sichimuuza kuti atenge kati. Dzina lokha silikwaniranso. Akakuuzani kuti "ndi rileyi imeneyo," mwangodziwa mfunda wake basi. Dzina lake lenileni ndi manambala olembedwa pakachipangizoko ndi pakompuresa, injini ya firiji.

Nditenga chitsanzo cha mlamu wanga, amene amagulitsa mafirizesi ndi thobwa pamsika wa kwawo. Firiji yawo inaima magetsi atathima n'kuyaka kangapo usiku umodzi. Ine ndinali kutali, choncho zonse tinapangira pafoni, ndipo ndi njira yomweyo imene ndalemba pano.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni yokhala ndi kamera ndi bandulo ya WhatsApp
- Tochi, kapena foni yachiwiri younikira
- Sikuludiraiva yaphanthi ndi ya nyenyezi
- Pepala loyera lochotsa m'kope
- Rula ya mwana wasukulu, kapena bokosi la machesi
- Choko choyera
- Kansalu kouma ndi mswachi wakale
- Cholembera ndi selotepi

## Musanakhudze chilichonse

1. Mverani firijiyo ndi kulemba zimene ikuchita.

Pulagi idakali pasoketi, tsegulani chitseko muone ngati babu ya m'kati ikuyaka. Kenako khalani kumbuyo kwake mphindi zisanu, wailesi muzimitse, ana muwauze akhale chete. Pansi kumbuyoko pali chimphika chakuda chachitsulo chokhala ndi mapaipi. Imeneyo ndi kompuresa, ena amangoti injini ya firiji. Khutu lanu likhale pa iyo.

Ya alamu anga inkang'ung'udza masekondi ochepa, kenako n'kumveka "tha!", n'kukhala chete. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi inkayambiranso chimodzimodzi. Babu inkayaka, koma m'kati munali mofunda. Mawu amenewa ndi ofunika kwa wogulitsa kuposa mmene mungaganizire, chifukwa amaloza malo amodzi. Kompuresa imafuna kukankhidwa kuti idzuke, ndipo ntchito yokankhayo ndi ya rileyi. Rileyi ikafa, kompuresa imalimbana yokha n'kumakoka magetsi ambiri, ndiye kachipangizo kena kotchedwa ovalodi kamatentha n'kudula magetsi kuti isapse. Ka "tha!" kaja ndi ovalodi ikudula. Ikazizira imalumikizanso, nkhondo n'kuyambiranso.

Ngati mungathe, jambulani mawuwo pafoni kwa masekondi 30, foni ili pafupi ndi kompuresa.

*Chenjezo:* Mukangomva zimenezi kawiri kapena katatu, kwatha. Musaisiye usiku wonse poganiza kuti idzuka yokha. Ulendo uliwonse ikalephera kudzuka, mawaya a m'kati mwa kompuresa amatentha, ndipo vuto la kachipangizo kotchipa limasanduka la kompuresa yonse.

2. Zulani pulagi pakhoma.

Kuzimitsa pasuwichi ya soketi kokha sikokwanira, chifukwa nyumba zina zinalumikizidwa mawaya mosemphanitsa ndipo suwichi imadula waya wolakwika. Kuthima kwa magetsi nakonso musakudalire. Amabwera osagogoda. Zulani pulagi ndipo muiike pamene mukuiona. Dikirani mphindi 20 kapena 30, poti kompuresa imene yakhala ikulimbana imatentha moti mutha kupsa nayo chala.

*Chenjezo:* Mafiriji ena ali ndi kapasita, kanthu kooneka ngati batire lalikulu kapena kabokosi kokhala ndi mawaya awiri, pafupi ndi kompuresa. Kamatha kusunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Musagwire zitsulo za kumutu kwake. Komanso musapinde, musadule, musakanikize paipi iliyonse. Mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a, yemwe amayaka, choncho kumbuyoko osaunikira ndi kandulo kapena machesi.

## Zithunzi zinayi

3. Chithunzi choyamba: sitika ya firiji.

Anthu ambiri amajambula dzina la kampani lomwe lili pachitseko. Dzinalo lili ndi ntchito yochepa, chifukwa Defy kapena Hisense aliyense ali ndi mafiriji ambirimbiri osiyana. Chofunika ndi sitika yoyera kapena yasiliva yokhala ndi manambala. Pafiriji yoimirira imakonda kukhala m'kati, pakhoma la m'mbali, pansi pafupi ndi dirowa ya ndiwo zamasamba. Tulutsani dirowayo muone. Pafiriji yogona, yotsegulira pamwamba ija, yang'anani kumbuyo kapena m'mbali kunja.

Pasitikapo mupeza mzere wolembedwa `Model`, wina wa magetsi monga `220-240V~ 50Hz`, ndi wina wa gasi, `R600a` kapena `R134a`. Pukutani ndi kansalu, jambulani sitika yonse molunjika, kenako kulitsani chithunzicho ndi zala. Ngati inuyo simukutha kuwerenga nambala ya modelo, wogulitsanso sawerenga. Jambulaninso.

4. Chithunzi chachiwiri: sitika ya kompuresa.

Ichi ndiye chimene anthu amadumpha, pamene ndicho choposa zonse. Kampani yopanga firiji nthawi zambiri imagula kompuresa kwa ena, monga Embraco, Secop, Donper kapena Jiaxipera, ndipo rileyi ndi ovalodi zimayenderana ndi kompuresa, osati ndi dzina la pachitseko. Kuonjezera apo, firiji yogula kwa munthu mwina inasinthidwapo kale kompuresa, ndiye sitika ya firiji ikunena za kompuresa imene inachoka kalekale.

Sitikayi imamatidwa pamimba pa chimphika chija ndipo imakhala itakwiririka ndi fumbi ndi ndandaule za akangaude. Sesani ndi mswachi mopepuka. Musathire madzi kapena kupala ndi chikhadabo, zilembo zimafufutika. Ikakhala kuti yayang'ana kukhoma la firiji, lowetsani foni ndi kamera ya kumaso, mujambule kangapo, musankhe chooneka bwino.

Mukaona mawu akuti `Inverter` pakompuresa kapena pachitseko, imani pomwepo. Kompuresa yotere ilibe rileyi, imayendetsedwa ndi bolodi yamagetsi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Tumizani zithunzi ziwirizi basi, bolodiyo musaichotse.

5. Chithunzi chachitatu: kachipangizo kadakali pamalo pake.

M'mbali mwa kompuresa muli kachivindikiro kakuda kapulasitiki momwe mukulowa mawaya. Ena amakapana ndi kawaya kachitsulo, ena kali ndi kabowo kolowetsapo sikuludiraiva yaphanthi n'kukatukula. Chotsani pang'onopang'ono. M'katimo mupeza tinthu tiwiri tolumikizidwa kumapini a kompuresa, kapena kamodzi kokulirapo komwe kaphatikiza zonse ziwiri.

Musazule waya ngakhale mmodzi musanajambule. Chithunzi chionetse kachipangizoko, mawaya onse ndi mitundu yawo, ndi mbali ya kompuresa, kuti woona adziwe kuti kachokera pati. Kwa wogulitsa wodziwa ntchito, malo amene kanthu kali amatchula dzina lake msanga kuposa maonekedwe. Ndipo chithunzi chomwechi ndi chimene chidzakupulumutseni pobwezera mawaya. Mutu umanama. Lero mukuti mukumbukira kuti wabuluu anali kumanzere, koma sipeya ikafika patatha masiku anayi mudzakhala mukungoganizira.

Dulani timapepala, lembani 1, 2, 3, n'kumata ndi selotepi pawaya aliyense, kenako jambulaninso manambalawo akuoneka.

6. Chotsani kachipangizoko.

Zulani mawaya pogwira kachitsulo ka kumapeto, osati wayayo. Kenako kokani kachipangizoko molunjika, kuchoka pakompuresa, uku mukukagwedeza pang'ono. Kakachoka muona mapini atatu atakhala ngati mafuwa. Pini imene ili yokha, kaya pamwamba kaya pansi, ndi pomwe pamalowa ovalodi. Mapini awiri oyandikana ndi a rileyi.

Tsopano tengani rileyiyo, muiike pafupi ndi khutu, muigwedeze. M'kati mwake muli kambale kakang'ono kozungulira ngati batani la malaya. Kakakhala kabwino simumva kanthu, mwina kugunda kamodzi kokha. Kakasweka mumva tizidutswa tikuchita wayawaya ngati mchenga m'bokosi la machesi. Alamu anga anaigwedeza tili pafoni ndipo ine ndinamva ndili kutali. Atatembenuza, pachikhatho panagwera timiyala totuwa, ndipo pulasitiki ya pafupi ndi kabowo kamodzi inali itasungunuka n'kuchita chikasu.

*Chenjezo:* Musatukule ndi sikuludiraiva potsamira pamapini. Mapiniwo anamangidwa m'galasi lotseka gasi. Galasilo likasweka, kompuresa yatha. Komanso ngati rileyi yanu ili ndi waya wamkuwa wokulungidwa kunja, ndi yamtundu wakale, ndipo imeneyo imalira ikagwedezedwa ngakhale ili bwinobwino, poti muli kachitsulo koyenda. Musaiweruze ndi khutu.

7. Chithunzi chachinayi: kachipangizo patebulo, manambala akuoneka.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa zithunzi zambiri zimafera apa. Kanthu kakuda kojambulidwa pachikhatho m'nyumba yamdima kamangooneka ngati khala.

Tulukani pakhonde, pamthunzi, osati padzuwa lenileni. Yalani pepala loyera, ikani kachipangizoko, m'mbali mwake muike rula kapena bokosi la machesi kuti kukula kwake kudziwike. Zimitsani fulashi, chifukwa imanyezimira papulasitiki n'kubisa zilembo. Pukutani galasi la kamera ndi malaya. Foni ikhale masentimita 15 kapena 20 kuchoka pakachipangizo, poti mukayandikitsa kwambiri mafoni ambiri amalephera kuona bwino. Dinani pasikirini pomwe pali zilembo, dikirani ziwale, kenako jambulani zigongono zitatsamira patebulo.

Manambala a parileyi nthawi zambiri sakhala a inki, amakhala otumphuka kapena ogoba mupulasitiki yakuda yomweyo. Pali njira ziwiri zowatulutsira. Yoyamba, wina aunike ndi tochi kuchokera m'mbali, tochiyo itagona pafupifupi patebulo, kuti zilembo zichite mthunzi. Yachiwiri, pakani choko n'kupukuta mopepuka ndi chala. Choko chimatsalira m'mizere, manambala n'kuoneka oyera. Alamu anga anabwereka choko kwa mwana wa sitandade 4, ndipo pomwe poyamba pankaoneka popanda kanthu panatuluka `QP2-15`.

Jambulani mbali zitatu: yolembedwa, ya tibowo tolowa kukompuresa, ndi ya timapini tolowa mawaya. Werengani timapini timeneti. Marileyi ofanana nambala amabwera ndi pini imodzi, awiri, atatu kapena anayi, ndipo woonayo sangawerenge timene tabisika kuseri. Ovalodi nayonso muijambule payokha, mbali yolembedwa.

Kunena zoona, zithunzi zimapitirira zinayi, koma mitundu yake ndi inayi imeneyi.

## Uthenga weniweniwo

8. Lembani zonse mu uthenga umodzi.

Wogulitsa ali pakauntala, kutsogolo kwake kuli anthu, foni akuisuzumira ndi diso limodzi. Mukalemba "Moni bwana" n'kudikira, kenako "Muli bwanji" n'kudikiranso, uthenga wanu utsika pansi. Perekani moni, inde, ulemu sugula, koma moniyo ibwere pamodzi ndi nkhani. Umene tinalemba ndi alamu anga unali wotere:

> Mwadzuka bwanji bwana. Ndili ndi firiji yogona yomwe yasiya kuzizira kuyambira dzulo. Babu ikuyaka, kompuresa ikung'ung'udza pang'ono kenako n'kumveka "tha!", ikumabwereza pakapita mphindi zitatu. Ndachotsa kachipangizo aka m'mbali mwa kompuresa. Kakulira ngati mchenga ndikakagwedeza ndipo kapsa mbali imodzi. Palembedwa QP2-15, timapini ta mawaya ndi titatu. Gasi ndi R600a. Ndatumiza sitika ya firiji ndi ya kompuresa.
>
> Chonde mundithandize: 1. Kameneka dzina lake ndi chiyani? 2. Muli nako kofanana nambala ndi mapini? 3. Mtengo wake ndi zingati, pamodzi ndi kanzake kali pachithunzi chomaliza? 4. Mungatumize pa basi? Zikomo kwambiri.

Onani kuti manambala talemba ndi mawu ngakhale ali pachithunzi. Akatero wogulitsa amatha kuyerekeza, ndipo ngati mwasokoneza 5 ndi S kapena 0 ndi O, iye aona pachithunzi. Mafunso taika manambala kuti asayankhe limodzi n'kusiya ena. Onaninso kuti sitinatchule dzina limene sitikulidziwa. Mukalemba kuti "ndikufuna fyuzi ya firiji" chifukwa mnzanu wakuuzani choncho, wogulitsa wotanganidwa atha kungoti "tilibe," pamene chimene mukufunacho chili m'dirowa.

Uthenga wa mawu usalowe m'malo mwa wolembedwa. Pashopu pali phokoso, ndipo manambala otchulidwa pakamwa amasokonekera. Wa mawu ukhale wa kulira kwa kompuresa kuja basi.

9. Tumizani zithunzi zisanaphwanyike.

WhatsApp imachepetsa zithunzi kuti zidye bandulo yochepa, ndipo zoyamba kutayika ndi zilembo zing'onozing'ono. Mukasankha chithunzi, dinani `HD` pamwamba musanatumize. Ngati manambala akuonekabe movutikira, tumizani kudzera pa `Document`, poti kumeneko chithunzi chimapita mmene chilili. Bandulo ikakhala yochepa, chitani zimenezi pa zithunzi za sitika ya kompuresa ndi manambala a kachipangizo zokha.

Pansi pa chithunzi chilichonse lembani mawu ochepa: "sitika ya firiji", "sitika ya kompuresa", "mmene kanalili", "manambala". Mukatumiza, tsegulani zomwe zapitazo ndi kuzikulitsa, muone zimene mnzanuyo akuona.

## Yankho likabwera

10. Funsani dzina lolembedwa, ndipo mumve tanthauzo la manambala.

Alamu anga anayankhidwa pasanathe ola: "Imeneyo ndi rileyi mayi, ya PTC. Kanzakeko ndi ovalodi. Zonse zilipo." PTC ndi mtundu wa rileyi wokhala ndi kambale kaja m'kati. Ena amati sitata, ena rileyi, chinthu chake n'chimodzi. Lembani dzinalo ndi manambala papepala, mulimate kumbuyo kwa firiji. Tsiku lina lidzakuthandizani.

Pa `QP2-15`, nambala 15 ndi maomu, muyeso wa mmene kambale ka m'kati kamatchingira magetsi kali kozizira. M'mafiriji a magetsi a kwathu kuno mupeza kawirikawiri 15, 22 kapena 33. Palinso yolembedwa `4R7`, kutanthauza maomu 4.7, yomwe imapezeka kwambiri pa mafiriji a magetsi a 110 mpaka 120, monga a ku America. Kunja imafanana ndendende ndi zinazo, choncho musailandire chifukwa chakuti yakwana pamapini. Pemphani nambala yofanana ndi imene mwachotsa.

Ovalodi imayenderana ndi kukula kwa kompuresa. Wogulitsa akhoza kukufunsani kuti, "Ndi ya mahosipawa angati?" ndipo amatanthauza manambala ngati 1/6, 1/5 kapena 1/4. Musaganizire. Muuzeni aone pasitika ya kompuresa, ndi chifukwa chake munaitumiza. Ovalodi yaing'ono imadula kompuresa ili bwinobwino. Yaikulu imachedwa kudula, kompuresa n'kupsa. Ine ndimalangiza kusintha zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa ovalodi imene yakhala ikudula usiku wonse imakhala yatopa.

Akakuuzani kuti yofanana palibe koma pali ina "yolowa paliponse," funsani kuti maomu ake ndi angati ndipo mawaya anu atatu alowa pati. Ngati firiji yanu ili ndi kapasita, rileyi ya pini imodzi ilibe polumikiza kapasitayo. Yankho likakhala losamveka, funsani kushopu ina. Ku Limbe ndi ku Malangalanga ku Lilongwe mashopu alipo angapo, ndipo zithunzi muli nazo kale.

11. Musanatumize ndalama, pemphani chithunzi cha chimene akugulitsani.

Lembani kuti, "Bwana, tandijambulireni kameneko mbali ya manambala ndi ya mapini ndiyerekeze." Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi. Ikani foni pafupi ndi kachipangizo kanu kakale n'kuona zinthu zitatu: nambala, kuchuluka kwa timapini ndi mbali imene tayang'ana, ndi tibowo tolowa kukompuresa. Chithunzi choyamba chimene alamu anga analandira chinali cha nambala yomweyo koma mapini awiri. Atawauza, mnyamata wa pashopuyo anapepesa n'kutulutsa ya atatu. Chipanda kufunsa, bwenzi itakwera basi yolakwika.

Funsaninso ngati angasinthe chikapanda kukwana. Mashopu ambiri salandiranso zipangizo zamagetsi zikangolumikizidwa, choncho mudziwiretu. Potumiza ndalama pafoni, onani kuti dzina lotuluka pasikirini ndi lomwe akuuzani, ndipo mupemphe lisiti liikidwe m'phukusi.

Pali chinthu chimodzi chimene chithunzi sichingauze wogulitsa: ngati kompuresayo ili moyo. Nthawi zina rileyi imapsa chifukwa kompuresa inayamba kale kulimba. Ngati pafupi pali mmisiri wokhala ndi mita yoyezera magetsi, mumupemphe ayeze mapini atatu aja awiriawiri. Manambala awiri ang'onoang'ono akaphatikizidwa ayenera kufanana ndi lalikulu, mwachitsanzo 18 ndi 24 kupanga 42, ndipo pakati pa pini iliyonse ndi chitsulo cha kompuresa pasadutse kanthu. Kuyezaku kumaonetsa za mawaya a m'kati, osati kulimba kwa zitsulo. Choncho mukaika rileyi yatsopano koma ka "tha!" kaja n'kubwereranso, zulani pulagi, musagulenso yachiwiri. Itanani mmisiri.

Ya alamu anga inadzuka ulendo woyamba. Anabwezera mawaya poyang'ana chithunzi chachitatu chija, ndipo patatha mphindi khumi anati mapaipi a kumbuyo ayamba kufunda, chizindikiro chakuti gasi akuyenda.

## Ngati chowonongeka si cha pakompuresa

Njira ndi yomweyi, kungoti chofunika kuonetsa chimasintha. Ngati ndi kabokosi ka kuseri kwa kopotokola kuzizira kaja, kokhala ndi kapaipi kowonda ngati waya, imeneyo ndi themositati. Jambulani manambala, werengani mapini, ndipo yezani kutalika kwa kapaipiko ndi ulusi osakapinda, chifukwa kakathyoka themositati yafa. Ngati ndi kafani, onetsani sitika yake pomwe palembedwa magetsi, chifukwa ena ndi a `220V` pamene ena ndi a `DC 12V`. Labala ya pachitseko imafuna muyeso wa m'litali ndi m'lifupi mumasentimita, komanso chithunzi cha pakona chosonyeza mmene imalowera. Shelefu ndi dirowa zimafuna nambala ya modelo basi.

## Zolakwika zimene ndimakumana nazo kawirikawiri

Kutaya chakale. Ena akangouzidwa dzina amaponya kachipangizo kudzala, kapena ana amakatenga n'kukaseweretsa. Kasungeni m'kajumbo mpaka firiji itagwira ntchito mlungu wathunthu. Ndiko kokha komwe mungayerekeze nako chatsopano.

Kutumiza chithunzi chotola pa intaneti. "Kakuoneka ngati aka" ndi mawu amene agulitsa masipeya olakwika ambiri. Chithunzicho chili ndi manambala a firiji ya munthu wina, ndipo wogulitsa akupatsani cha manambala amenewo.

Kujambula mbali yopsa yokha. Mwini firiji amafuna kuonetsa bala, n'zomveka. Koma wogulitsa sakugulitsani bala. Mbali yolembedwa ndi imene akufuna. Ngati manambala apsa osawerengeka, nenani choncho mu uthengawo, ndipo sitika ya kompuresa igwire ntchitoyo.

Kubisa kuti wina anagwirapo kale. Ngati mmisiri wina anasinthapo rileyi chaka chatha, nenani. Mwina imene mwachotsayo inali yolakwika kale, n'chifukwa chake yapsa msanga, ndipo mukagula yofanana nayo mubwereza vuto lomwelo. Wogulitsa akadziwa, ayang'ana pakompuresa m'malo modalira nambala ya pakachipangizo.

Kulumikiza mawaya mwachindunji podikira sipeya. Ndaonapo anthu atachotsa ovalodi n'kulumikiza waya kuti katundu asaonongeke. Ovalodi ndiye mlonda yekhayo wa kompuresa. Nyama ndi mafirizesi kasungitseni kwa aneba.

Kuzula ndi kubwezera pulagi motsatizana poyesa. Rileyi ya PTC ikangodzutsa kompuresa imakhala yotentha, ndipo singadzutsenso isanazizire. Gasi nayenso amafuna nthawi kuti akhazikike m'mapaipi. Mukazula n'kubwezera nthawi yomweyo, mumva ka "tha!" ngakhale sipeyayo ili yabwino, n'kuyamba kulembera wogulitsa kuti wakupatsani yakufa. Dikirani mphindi zisanu musanabwezere pulagi, ndipo muzichita chimodzimodzi magetsi akathima n'kubwera mwadzidzidzi.